Ngati sumva Chiarabu, ukudziwa bwanji kuti Kurani ndi chozizwitsa?



Holide yapitayi ndili kumudzi kwathu ku Phalombe, ndinakumana ndi mnzanga wa ku sekondale pa msika wa Migowi. Iyeyo ndi Mkhristu. Tikucheza anandifunsa kuti, "Aise, inu mumati palibe angalembe buku ngati Kurani. Koma iweyo Chiarabucho umachimva?" Ndinangoti kakasi. Ku madarasa ndinaloweza Juzu Ama yonse, koma matanthauzo ake ndimamva apo ndi apo. Funsolo linandivutitsa mpaka ndinabwerera ku zomwe maulama akale analemba.

Chinthu choyamba chomwe ndinapeza n'chakuti kukoma kwa mawu pakokha si umboni wa utumiki. Alakatuli aluso alipo ambiri ndipo si atumiki. Maulama ankati muujiza, chozizwitsa cha mtumiki, umafuna zinthu zitatu pamodzi: munthu anene poyera kuti watumidwa ndi Allah, abweretse chinthu chosemphana ndi zomwe zimachitika nthawi zonse n'kuuza anthu kuti achite chofanana nacho, ndiye anthuwo alephere.

Imamu Al-Juwaini, yemwe anamwalira mu 1085, anapereka fanizo la mfumu. Tilibweretse kwathu kuno. Pabwalo padzaza anthu, gogochalo akhala pampando. Munthu wina akuimirira n'kunena kuti, "Mfumu yandituma kwa inu. Gogochalo, ngati ndikunena zoona, dzukani ndi kukhala katatu." Mfumu, yomwe sichita zimenezo nthawi zonse, ikudzuka ndi kukhala katatu. Siinalankhule kanthu, koma aliyense pabwalopo wadziwa kuti yavomereza. Muujiza uli chomwecho: uli ngati Allah akunena kuti kapolo wangayu wanena zoona.

Kwa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), chizindikirocho ndi Kurani. Mu Sura Hudu, aya 13, otsutsa anauzidwa kuti abweretse masura khumi ofanana nayo. Mu Sura Yunusu, aya 38, ndi mu Sura Bakara, aya 23, anauzidwa kuti abweretse imodzi yokha. Kumbukirani kuti sura yaifupi kwambiri, Kauthara, ili ndi maaya atatu basi. Anthu ouzidwawo anali akatswiri a ndakatulo, chilankhulocho chinali chawo, ndipo ankafunitsitsa kuti uthengawu uthe. Koma anasankha nkhondo: Badiri mu 624, Uhudu mu 625, nkhondo ya Ngalande mu 627. Maulama ankafunsa kuti, munthu amene angathe kuthetsa mlandu ndi mizere itatu angalolerenji kutaya ana ake ndi chuma chake ku nkhondo?

Tsono n'chifukwa chiyani analephera? Apa maulama anasiyana maganizo. An-Nazamu wa ku Basara, wa gulu la Muutazila, ankati Aarabu akanatha ndithu kupeka zofanana nayo, koma Allah anawatsekereza. Ganizo limeneli limatchedwa sarafa. Kadhi Al-Bakilani, yemwe anamwalira ku Bagidadi mu 1013, anakana. Anati zikanakhala choncho, chozizwitsa chikanakhala kutsekerezako osati Kurani. Komanso alakatuli omwe anakhalako Kurani isanatsike sanatsekerezedwe ndi kanthu, ndiye m'zonena zawo tikanapezamo zofanana nayo, koma mulibe. Kwa iye chozizwitsa chili m'kalukidwe ka mawu enieniwo, kamene pa Chiarabu amati nazimu.

Amene anafotokoza nazimu mwakuya ndi Abudul Kahiri Al-Jurujani, yemwe anamwalira mu 1078. Iye anati mawu a m'Kurani ndi omwewo omwe Aarabu ankalankhula tsiku ndi tsiku. Chinsinsi chili pa malo omwe liwu lililonse laikidwa: liti latsogola, liti latsatira, ntchito yapatsidwa kwa ndani.

Chitsanzo chake chimodzi chinandigwira mtima chifukwa chimamveka ngakhale m'Chichewa. Mu Sura Mariyamu, aya 4, Mneneri Zakariya (mtendere ukhale pa iye) akudandaulira Mbuye wake za ukalamba, ndipo imvi zake zafanizidwa ndi moto woyaka. Ambiri amaima pomwepo n'kuyamikira fanizolo. Al-Jurujani anati tayang'anani bwino: mneni wa kuyaka sanapatsidwe kwa imvi, wapatsidwa kwa mutu, ndipo imvi zabwera pambuyo kudzafotokoza chomwe chayatsa mutuwo.

Ife a ku Phalombe kusiyana kumeneku timakudziwa. Nthawi ya chilimwe, wina akati "moto wayaka m'phiri la Michesi", umaganiza za kamzere ka moto penapake m'mbali mwa phiri. Koma akati "Michesi wayaka moto", umadziwa kuti phiri lonse lagwira, palibe patsala. Mawu ake ndi omwewo, koma kungosintha mwini ntchito tanthauzo lakula. M'ayamo ndi chimodzimodzi: nkhalambayo ikuuza Allah kuti mutu wonse wayera, tsitsi lakuda latha, chiyembekezo chobereka mwa masiku onse chatha, komabe ikupempha mwana. Sikuti aya imodzi imeneyi ndiyo umboni wonse. Mlakatuli nayenso amatha kugwa pa mzere wabwino. Zomwe Al-Bakilani ankanena n'zakuti mlakatuli amakhoza pa mutu wina n'kufooka pa wina, pamene Kurani imasunga mulingo womwewo pa nkhani za aneneri, pa malamulo, pa machenjezo, m'zaka pafupifupi 23 za kutsika kwake.

Nanga ine wosamva Chiarabu? Ndinadabwa kupeza kuti Al-Bakilani analiyankha funso la mnzanga uja zaka zoposa 1,000 zapitazo. Anavomera poyera kuti munthu yemwe si Mwarabu, ngakhalenso Mwarabu yemwe sanazame pa luso la chilankhulo, sangazindikire yekha chozizwitsachi. Amachidziwa podziwa kuti akatswiri enieniwo analephera. Zili ngati nkhani ya Musa (mtendere ukhale pa iye): munthu wamba sakanatha kusiyanitsa ndodo yake ndi matsenga, koma ataona amatsenga a Farawo omwe akugwa n'kugwetsa nkhope pansi, anadziwa kuti apa pachitika zina.

Izi zikutiphunzitsa kusamala polankhula. Kurani yotanthauzidwa m'Chichewa imatipatsa tanthauzo, koma nazimu ija ili m'Chiarabu. Tisapatse munthu buku la Chichewalo n'kumuuza kuti alembe lofanana nalo, chifukwa maulama sananene zimenezo. Tisanamizirenso kuti tikumva kukoma kwa kalukidwe pamene tikungomva mawu okoma a wowerenga.

Nditamufotokozera mnzanga uja pa foni, anati, "Nanga woweruza kuti alephera ndani? Si inu nomwe Asilamu?" Funso labwino. Yankho la maulama n'lakuti oweruza oyamba anali adani, ndipo akanapeka sura yopambana, nkhani yake ikanafala monga zinafalira zonena za Musailima, yemwe anadzitcha mneneri ku Yamama. Mnzangayo sanakhutire, ndipo sindinamukakamize. Chiongoko chili m'manja mwa Allah, ndipo ife tikadali mabwenzi.

Koma ine funso lake linandichititsa manyazi. Ndimayima pa swala kasanu patsiku ndikuwerenga mawu omwe ndimati ndi chozizwitsa, chikhalirecho ndimadalira umboni wa ena. Ndawapempha a shehe athu kuti holide ikubwerayi andiyambitsenso nahawu, galamala ya Chiarabu, kuyambira pachiyambi. Amene muli kufupi, tiyeni tikakhale limodzi.

Pomwe ndalakwitsa ndi ine, mundikonze. Allah ndiye akudziwa zonse. Wasalamu alaikum.